Kuwonjezera SSD mu PS5

"PS5 yanga yadzaza, gemu yatsopano ikukana kulowa. Kuno ku Mzuzu ndigule SSD yotani, ndipo ndiike bwanji?"

Achimwene, musanalipire werengani pa paketi. SSD, chomwe ndi chipangizo chosungiramo magemu, ikhale ya mtundu wa M.2 NVMe ya PCIe 4.0, liwiro lowerenga lifike 5,500 MB/s. Ya M.2 SATA siigwira ntchito, ngakhale wogulitsa mtauni alumbire kuti ndi zofanana. Ya saizi 2280, yotalika mamilimita 80, ya 1 TB ndi yokwanira, koma ikhale ndi kachitsulo koziziritsa, ndipo kukhuthala konse kusapyole mamilimita 11.25, apo ayi chivundikiro sichitseka.

Yambani mwaika mapulogalamu atsopano a PS5. Kenako izimitseni kwathunthu, osati pa Rest Mode, zulani mawaya onse, muidikire izizire. Gwirani chitsulo kaye kuti magetsi a m'thupi asaononge SSD.

Chotsani chivundikiro chakunja, masulani sikuluu ya kachitseko ka SSD. Mkatimo muli kasikuluu ndi kamphete: ikani kampheteko pabowo lolembedwa 80. Lowetsani SSD mopendeka, itsitseni, mangani mosakakamiza, tsekani.

Mukayatsa, sankhani Format M.2 SSD, podziwa kuti zonse zinali mu SSD-yo zifufutika. Uthengawu ukapanda kubwera, kawirikawiri SSD sinalowe mpaka kumapeto.