Katundu wotuluka pafupipafupi asamakhale kumapeto kwa weyahausi

Anzanga oyang'anira maweyahausi ku Chinika, m'mbali mwa Mungwi Road ndi kumaholoselo a ku Kamwala, tikambeko za anyamata otola maoda. Mukaona lole yaima pakhomo dalaivala akulira hutala, musathamangire kunena kuti anyamata ndi aulesi. Mu weyahausi yotola ndi manja pafupifupi theka la nthawi ya wotola imathera poyenda chabe, osati ponyamula. Ndiye vuto nthawi zambiri lili pomwe munaika katundu.

Choyamba werengani maulendo, osati ndalama. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya, amaika pafupi ndi khomo katundu wodula kapena wobwera makatoni ambiri. Ayi. Funso ndi lakuti chinthuchi munthu amachipitira kangati? Jenereta imodzi ingakhale ya ndalama zambiri koma ituluka kawiri pamwezi, pomwe machesi, shuga, saladi ndi sopo zili pa oda pafupifupi iliyonse. Tengani mainvoisi a miyezi itatu, mzere uliwonse wa pa invoisi ndi ulendo umodzi, kaya munthu anatenga katoni imodzi kapena makumi awiri. Ngati zili mu Excel ndipo makodi a katundu ali mu kolamu B, lembani

```
=COUNTIF(B:B,B2)
```

mu kolamu yopanda kanthu pa mzere 2, mukopere fomulayo pa mizere yonse nkusanja kuyambira wamkulu. Mudzaona kuti kagulu kochepa ka pamwamba ndi kamene kakudya maulendo ambiri, ameneyo ndiye gulu A. Apakati B, ogona m'mashelefu C.

Tinene kuti muli ndi timisewu 6 pakati pa mashelefu, kalikonse kotalika mamita 30, ndipo kuchoka pa kamsewu kena kufika pa kotsatira ndi mamita 4. Oda ya zinthu 8 yamwazikana m'timisewu tonse. Wotola akamayenda mokhotakhota, kulowa kamsewu aka kutulukira kumapeto nkubwerera ndi kotsatira, ayenda 180 m'timisewu, kuphatikiza 20 yodutsa ndi 20 yobwerera polongezera, zonse mamita 220. Maoda 60 patsiku ndi makilomita opitilira 13, munthu akukankha tolole. Tsopano ikani gulu A m'mamita 8 oyambirira a timisewu titatu ta pafupi ndi khomo. Oda ya zinthu za A zokhazokha alowa 8 nkubwerera 8 katatu, ndi 48, kuonjeza 16 yodutsa ndi kubwerera, mamita 64 basi. Si oda iliyonse idzatero, ina idzafunabe chinthu cha kumapeto, koma kusiyana kwake mudzakuona sabata yoyamba yomwe.

Koma chenjerani, kaikidwe ndi kayendedwe ziyenera kugwirizana. Mukaika A kutsogolo kwa timisewu, wotola azilowa nkubwerera pomwe analowera, asamapyoze mpaka kumapeto popanda chotola. Ngati maoda anu ndi aatali, zinthu zambiri kamsewu kalikonse, kupyoza mokhotakhota kuja ndiye kwabwino ndipo A mudzaze m'timisewu tathunthu ta pafupi ndi khomo. Ine sindikonda kuunjika A yense m'kamsewu kamodzi, chifukwa m'mawa anthu anayi ndi matolole awo amangoimirirana, wina akudikira mnzake atsitse katoni, nthawi imene munapulumutsa poyenda yathera pamzere.

Pashelefu penipeni, A akhale pakati pa chiuno ndi phewa kuti munthu asawerame kapena kufuna makwerero. Zolemera ngati matumba a 25kg a unga ndi zigubu za 20 malita za saladi zikhale pansi, pamwamba pa paleti, komanso koyambirira kwa njira kuti zikhale pansi mu tolole, mabisiketi abwere pamwamba. Sopo ndi parafini musaziyandikize ndi shuga kapena unga ngakhale zonse zili A, fungo limalowa ndipo kasitomala adzabweza.

Zonsezi zigwa ngati pepala lotolera likutsata momwe kasitomala anatchulira zinthu pafoni. Malo aliwonse apatseni nambala, monga B-03-2, kutanthauza kamsewu B, chipinda chachitatu, shelefu yachiwiri, ndipo pepala lisanjidwe ndi nambala zimenezi osati ndi dzina la katundu. Mukufuna kudziwa ngati zikuyenda? Tengani pulani ya weyahausi ndi bolopeni, tsatirani wotola mmodzi maoda khumi mukujambula pomwe wadutsa. Mukaona mizere yobwerera m'kamsewu komwe anatulukamo kale, pepala silinasanjidwe. Mukamupeza waima akudikira fokolifiti itsitse paleti, ndiye kuti malo a A ndi ochepa, akutha masana, akulitseni kuti katundu wa tsiku lonse akwane ndipo kudzadza kuzichitika madzulo kapena m'mamawa maoda asanayambe.

Mndandanda wa A nawonso umasintha. Makope ndi mapensulo amathamanga Januwale masukulu akamatsegula, mbewu ndi feteleza cha mu Okutobala ndi Novembala mvula ikamayandikira. Werenganinso miyezi itatu iliyonse, ndipo musasamutse weyahausi yonse tsiku limodzi, yambani ndi zinthu 20 za pamwamba Loweruka masana, musinthe malebulo ndi nambala mu kompyuta tsiku lomwelo kuti Lolemba munthu asakafune shuga pomwe anali kale.