Mphatso, ngongole kapena renti: zimene HMRC imayang'ana pa ndalama za pachibale

Ambiri mwa ife amene tili ku Britain timachita mantha m'bale akatiikira ndalama zambiri muakaunti, poganiza kuti msonkho utitsata. HMRC, bungwe lotolera msonkho ku Britain, simayang'ana kukula kwa ndalamazo kapena dzina limene mwazipatsa. Imafuna kudziwa chifukwa chimene zabwerera.

Mphatso yeniyeni ilibe msonkho kwa woilandira. Ngati bambo anu agulitsa ng'ombe n'kukutumizirani £6,000 yoti muwonjezere pogula nyumba, simulipira kalikonse, ngakhale a banki adzafuna kalata yosonyeza kuti ndi mphatso komanso kumene ndalamazo zachokera. Nanunso mukamatumizira mayi ndalama ya feteleza simulipira msonkho, koma zimenezi sizichepetsa msonkho wa pamalipiro anu.

Mphatso zimawerengedwa pa msonkho wa chuma cha masiye wopereka akamwalira pasanathe zaka 7. Apanso £3,000 yoyamba pachaka siwerengedwa, ndipo msonkho wa 40 peresenti umayamba chuma pamodzi ndi mphatsozo zikadutsa £325,000. Ambiri sitifikapo, koma amene mwakhalitsa kuno dziwani kuti kuyambira pa 6 Epulo 2025, munthu amene wakhala ku Britain zaka 10 mwa zaka 20 zapitazi amamuwerengera ndi chuma cha kumudzi chomwe.

Pa ngongole, ndalama imene mwabwereketsa ikabwerera ilibe msonkho, chifukwa inali yanu kale. Chiwongoladzanja ndiye phindu. Tiyerekeze namwino wa ku Leeds amene amalandira £30,000 pachaka. Wabwereketsa mchimwene wake £8,000 yogulira minibasi, ndipo m'chaka cha msonkho cha 2025/26 mchimweneyo wabweza £9,200. Pa £8,000 palibe nkhani. Pa £1,200 yapamwambayo, £1,000 yoyamba ilibe msonkho kwa munthu wolipira msonkho wa 20 peresenti monga namwinoyu, bola ngati alibe chiwongoladzanja china cha ku banki. Yotsalayo ndi £200, msonkho wake £40. Akanabwereketsa popanda chiwongoladzanja sakanalipira kanthu, ndipo lamulo silikakamiza abale kuikirana chiwongoladzanja.

Lemberanani ndithu, ngakhale zimaoneka ngati kusakhulupirirana: ndalama zingati, tsiku, kabwezedwe kake, onse awiri n'kusaina. Popanda pepala limeneli, £500 yolowa mwezi ndi mwezi imaoneka ngati malipiro, ndipo kufotokoza kumagwera inu. Mukadzaganiza zoikhululuka ngongoleyo, lembaninso mwalamulo pamaso pa mboni, chifukwa imasanduka mphatso kuyambira tsiku limenelo.

Pamene anthu abwinobwino amakodwa ndi pa renti. Muli ndi nyumba ku Area 25 ku Lilongwe, mlongo wanu amatolera renti n'kukutumizirani, ndipo inu mumangoti "ndalama zochokera kwa achemwali". Imeneyo si mphatso, ndi phindu la nyumba yanu. Munthu wokhala ku Britain amalipira msonkho pa zimene amapeza kulikonse padziko, ngakhale ndalamazo zitatsala ku Malawi n'kulipirira fizi ya ana a kumudzi. Renti ikakhala yofanana ndi £200 pamwezi, pachaka ndi £2,400. Mungachotsepo £1,000 imene lamulo limalola, kapena ndalama zenizeni zimene mwawononga pokonzetsa nyumbayo, koma osati zonse ziwiri. Mukachotsa £1,000 patsala £1,400, ndipo msonkho wake pa 20 peresenti ndi £280. Msonkho umene munalipira ku MRA pa renti yomweyo ungachotsedwe pamenepa, choncho sungani malisiti ake. Obwera kumene angapemphe kuti asalipire pa ndalama za kunja m'zaka 4 zoyamba, koma kupemphako kumachitika pafomu ndipo kumawalanda gawo la malipiro limene silidulidwa msonkho, kotero pa renti yochepa chonchi n'kuluza.

N'chimodzimodzi ndi ndalama imene msuweni amakupatsani sabata iliyonse chifukwa chomulerera ana. Mungaitche "ya sopo", koma poti ikubwera chifukwa cha ntchito, ikadutsa £1,000 pachaka iyenera kunenedwa.

Samalaninso popatsa mwana kapena mng'ono wanu poloti kapena nyumba imene simukhalamo. HMRC imatenga ngati mwagulitsa pa mtengo wa lero, ndipo phindu loposa £3,000 lili ndi msonkho wa 18 kapena 24 peresenti ngakhale simunalandire tambala. Kupatsa mkazi kapena mwamuna wanu amene mukukhala naye kulibe msonkho umenewu.

Chaka cha msonkho chimatha pa 5 Epulo. Ngati muli ndi renti kapena chiwongoladzanja chofunika kunena, lembetsani Self Assessment, njira yonenera nokha zimene mwapeza ku HMRC, pa GOV.UK pofika pa 5 Okutobala, ndipo fomu ya pa intaneti ndi ndalama zake zifike pofika pa 31 Januwale.