Excel ikuti circular references mukangotsegula fayilo: umu ndi momwe mungapezere selo yomwe ikudziwerengera yokha

Mwatsegula fayilo ya malonda a mwezi, kabokosi katulukira konena kuti "There are one or more circular references". Ambiri amangodina OK n'kupitiriza ntchito, ndipo kumapeto kwa mwezi amadabwa kuti totala ikuonetsa 0 kapena ndalama ya sabata yatha. Uthengawo ukutanthauza kuti penapake pali fomula yomwe ikufuna yankho lake lomwe kuti ipeze yankho. Excel ikafika pamenepo imaleka kuwerengera, selo imatsala ndi 0 kapena nambala yomwe inali nayo komaliza.

Titenge fayilo ya gulu logula usipa ku Makawa n'kukagulitsa ku Limbe. Ili ndi masamba atatu, Malonda, Zotuluka ndi Chidule. Musanakhudze kanthu, sungani kope ina ndi Save As, ndipo tsekani mafayilo ena onse a Excel, chifukwa chenjezoli likhoza kuchokera mu fayilo ina yomwe ili yotsegula inu n'kumasaka molakwika.

Dinani OK, kenako yang'anani pansi penipeni pa windo, kumanzere. Ngati vuto lili pa tsamba lomwe mulipo, pamalembedwa dzina la selo, mwachitsanzo Circular References: D32. Pakangolembedwa Circular References popanda dzina, ndiye kuti lili pa tsamba lina. Njira yachidule ndi kupita ku Formulas, kudina kamuvi kakang'ono ka pambali pa Error Checking, kenako Circular References. Selo yomwe yatchulidwa apo mukaidina, Excel ikutengerani pomwepo.

Nthawi zambiri nkhani imakhala yophweka. Malonda a masiku 30 ali mu D2 mpaka D31, totala ili mu D32, koma fomula yake ndi `=SUM(D2:D32)`. Wina pokoka mausi anapitirira ndi selo imodzi, totala yalowa m'gulu la zomwe ikuphatikiza. Sinthani ikhale `=SUM(D2:D31)`. Chimodzimodzi ngati munalemba `=SUM(D:D)` muli mu kolamu D yomweyo. Fomula imeneyo njabwino, koma iyenera kukhala mu kolamu ina.

Povuta ndi pamene fomula ya selo yomwe Excel yatchula ikuoneka kuti ilibe cholakwa. Mu fayilo yathuyi yatchula B4 ya pa Chidule, yomwe ndi phindu, ndipo muli `=B2-B3`, malonda kuchotsapo zotuluka. Apa anthu amafufuta fomula n'kuilembanso katatu, chenjezo osachoka. B4 ndi imodzi chabe mwa maselo omwe akupatsirana nambala mozungulira, ndipo Excel siidziwa kuti wolakwa ndi uti, imangoloza pomwe yakodwa. Muyenera kulondola nokha.

Muli pa B4, dinani Trace Precedents pansi pa Formulas. Mivi ya buluu ituluka kuchokera ku B2 ndi B3. Dinaninso kachiwiri. Tsopano muona mizere yakuda yodukaduka yokhala ndi kachithunzi ka tebulo kumapeto, kusonyeza kuti nambalayo ikuchokera pa tsamba lina. Dinani kawiri pa mzere wodukadukawo, osati pa kachithunziko, ndipo kabokosi ka Go To katseguka ndi dzina la selo. Kiyibodi ikakhala pafupi, Ctrl ndi [ pamodzi zimakudumphitsani ku selo yomwe fomula ikutengako.

Tengani pepala ndi cholembera, lembani selo iliyonse yomwe mwadutsa. Zikuoneka zachikale, koma mukasintha tsamba kawiri mudzaiwala komwe mwachokera. B2 ikutenga ku D32 ya Malonda, ndipo D32 ikuphatikiza manambala olembedwa pamanja okhaokha, ndiye njira imeneyo yathera pomwepo, ilibe mlandu. B3 ikutenga ku C10 ya Zotuluka, yomwe ikuphatikiza C2 mpaka C9: mtengo wogulira nsomba, matumba, thiransipoti, chiphaso cha pamsika ndi zina. Onsewo ndi manambala, kupatula C9, komishoni ya wogulitsa. Pepala lanu lioneka motere:

```
Chidule!B4    =B2-B3
Chidule!B3    =Zotuluka!C10
Zotuluka!C10  =SUM(C2:C9)
Zotuluka!C9   =Chidule!B4*0.1
```

Dzina la selo likangobwera kachiwiri pa pepala, mwapeza. Phindu likudikira zotuluka, zotuluka zikudikira komishoni, komishoni ikudikira phindu.

Musathamangire kukonza, chifukwa apa funso si la kompyuta ayi, ndi la mgwirizano wa gulu. Tinene kuti malonda ndi K1,500,000 ndipo zotuluka zina zonse ndi K950,000, kotsala K550,000. Ngati munagwirizana kuti wogulitsa atenge magawo 10 pa 100 a ndalama yotsalayo asanachotse komishoni, C9 ikhale:

```
=(Chidule!B2-SUM(C2:C8))*0.1
```

Komishoni ituluka K55,000, phindu K495,000. Koma ngati munagwirizana kuti ndi magawo 10 pa 100 a phindu lenileni, komishoni itachotsedwa kale, onjezani `/1.1` kumapeto kwa fomula yomweyo. Komishoni ikhala K50,000, phindu K500,000, ndipo mukayesa muona kuti 50,000 ndi gawo limodzi mwa 10 la 500,000. Kusiyana kwake ndi K5,000 mwezi umodzi, yokwanira kuyambanitsa anthu pa msonkhano, choncho funsani mlembi zomwe zinalembedwa m'buku. Njira zonse ziwiri C9 siikuyang'ananso B4.

Chenjerani ndi anyamata ena a mashopu osindikiza ndi kukonza makompyuta pa Boma pano. Mukawapititsira fayilo yotere, ena amangolowa ku File, Options, Formulas, n'kuchonga Enable iterative calculation, chenjezo lizimiririka, inu mulipira. Kabokosi kameneko kamauza Excel kuti izibwereza kuwerengera, mpaka maulendo 100 ngati simunasinthe Maximum Iterations. Pa komishoni ija yankho limakhazikika pa K50,000, koma pa totala yodziphatikiza yokha, ulendo uliwonse imaonjezanso K1,500,000, moti mukhoza kupeza K150,000,000 pa malonda a usipa. Choipa china n'chakuti Excel imatengera chisankhochi ku fayilo yoyamba kutsegulidwa, ndiye mafayilo ena onse omwe mutsegule pambuyo pake amaleka kuchenjeza. Ngati totala ikukula yokha mukadina F9, pitani mukachotse chongacho.

Ena amalemba nambala pamanja pamalo pa fomula. Mwezi uno zioneka bwino, mwezi wamawa totala siisuntha.

Mukakonza, bwererani ku Error Checking. Excel imaonetsa vuto lotsatira mukachotsa loyamba, ndiye bwerezani mpaka mawu a Circular References atafota osadinikanso, komanso atachoka pansi paja. Dinani Remove Arrows, onani kuti Calculation Options ili pa Automatic, kenako Ctrl, Alt ndi F9 pamodzi kuti zonse ziwerengedwenso. Sankhani D2 mpaka D31 ndi mausi, Sum yomwe ikuoneka pansi kumanja ifanane ndi D32. Sungani, tsekani, tsegulaninso, muone ngati kabokosi kaja kabweranso.