Momwe mungadziwire ngati akaunti yanu yosungira ndalama ikukula kapena ikudyeka

Munthu wagulitsa soya kapena fodya, wasunga K200,000 ku banki kuti adzagulire feteleza, ndipo chaka chonse sanatapeko olo tambala. Tsiku lokatapa akupeza ndalama zachepa. Ambiri amathamangira kunena kuti abedwa, koma kawirikawiri zimakhala kuti akauntiyo imadulidwa kandalama mwezi ndi mwezi, pomwe chiwongoladzanja chomwe imapanga n'chochepa kuposa chomwe ikudulidwa. Izi mungathe kuzifufuza nokha ndi cholembera, pepala ndi kakyuleta ya pa foni.

Yambani ndi kupeza sitetimenti ya miyezi isanu ndi umodzi. Kapepala kotuluka pa ATM sikathandiza chifukwa kamangoonetsa zochitika zochepa zaposachedwa, ndipo ndalama zina zimadulidwa kamodzi pa miyezi itatu kapena kamodzi pachaka. Ngati muli ndi apu ya banki kapena imelo, itengereni kumeneko. Yosindikiza pa kauntala nthawi zambiri imalipiritsidwa, mwina pa tsamba lililonse, choncho funsani mtengo asanasindikize.

Pa sitetimentipo pali mbali ya ndalama zolowa, yomwe amalemba CR kapena Credit, ndi ya zotuluka, DR kapena Debit. Tsatirani ya zotulukayo mzere ndi mzere, ndipo chongani paliponse pomwe ndalama yachoka koma inu simunaigwire m'manja kapena kuitumiza kwa munthu. Tindalama timeneti timakhala tating'ono, ndipo tambiri timaunjikana kumapeto kwa mwezi.

Zomwe mwachongazo muzigawe pawiri, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana.

Gulu loyamba ndi la ndalama zomwe zimachoka ngakhale mutagona osaikhudza akauntiyo. Mzere wolembedwa Ledger fee, Maintenance fee kapena Monthly service fee ndi malipiro oti banki ikukusungirani akaunti m'mabuku ake. Dzina loti leja linachokera ku mabuku akuluakulu omwe ankalembamo ndi manja kale, ndipo ngakhale lero zonse zili pa kompyuta, dzinalo linatsala. Momwemonso muli SMS alert ngati banki yanu imalipiritsa mauthenga a pa foni pamwezi, malipiro a pamwezi a banki ya pa foni kapena pa intaneti, ndi malipiro a khadi. Gulu ili ndi lomwe limadya mwakachetechete, chifukwa mtengo wake ndi umodzimodzi kwa wa K20,000 ndi wa K2 miliyoni. Wosunga pang'ono ndi amene amapwetekeka kwambiri.

Gulu lachiwiri limatsata zochita zanu: kutapa pa ATM, kutapa pa kauntala, kufunsa ndalama zotsala, kukankhira ndalama ku Airtel Money kapena Mpamba. Kutapa pa makina a banki ina kudzera mu Natswitch, njira yolumikiza makina a mabanki osiyanasiyana, nthawi zambiri kumadula kuposa pa makina a banki yanu. Mukaonanso kamzere kolembedwa VAT pansi pa malipiro ena, umenewo ndi msonkho wopita ku MRA, si phindu la banki, koma ukuchokabe m'thumba mwanu, ndiye muuwerengere limodzi.

Tsopano pangani masamu omwe amaulula zonse. Manambala otsatirawa ndi achitsanzo chabe, inu muikemo a pa sitetimenti yanu. Tinene kuti pa K200,000 ija banki ikudula K1,500 ya leja ndi K500 ya mauthenga mwezi uliwonse. Imeneyo ndi K2,000 pamwezi, K24,000 pachaka. Tinenenso kuti akauntiyo imapereka chiwongoladzanja cha 4 peresenti pachaka. Pa K200,000 ndiye kuti K8,000. Koma pa chiwongoladzanja pamadulidwa msonkho womwe umaoneka ngati WHT kapena Withholding tax. Tikauwerengera pa 20 peresenti, pachoka K1,600, patsala K6,400. Chaka chikamatha, K6,400 yalowa, K24,000 yatuluka, ndipo mwini wake akupeza pafupifupi K182,400. K17,600 yapita, ndalama yoti akanalipirira ngolo yotutira fetelezayo. Kunena zoona ndalama yotsalayo imacheperako pang'ono pa K182,400, chifukwa chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ndalama yomwe ikunka itsika mwezi ndi mwezi.

Nambala yofunika kuisunga pamtima ndi iyi: ndalama yomwe iyenera kukhala mu akaunti kuti isamachepe. Tengani zodulidwa za chaka chonse, mugawe ndi chiwongoladzanja chotsala msonkho utachoka. M'chitsanzo chathu, 4 peresenti ikachotsedwa msonkho imatsala 3.2 peresenti, ndiye K24,000 kugawa ndi 0.032 ikutipatsa K750,000. Tanthauzo lake n'lakuti pa akaunti yotere, aliyense wosunga ndalama yosakwana K750,000 akutaya, pomwe wosunga K750,000 yeniyeniyo wangobweza zomwe amudula, osapindula kanthu. Apa sitinawerengere n'komwe kukwera mitengo kwa zinthu, komwe kumachepetsa mphamvu ya kwacha yosungidwayo.

Mukadziwa nambala yanu, pitani ku nthambi ya banki mukapemphe ndandanda wa mitengo yawo, womwe pa zikwangwani ndi pa intaneti amaulemba Tariff guide. Yerekezani mzere uliwonse womwe munachonga ndi zomwe zalembedwamo pa mtundu wa akaunti yanu. Apa ndi pomwe pamatulukira vuto lomwe timaliona kawirikawiri: munthu akuganiza kuti ali ndi akaunti yosungira, pomwe anamutsekulira yolandirirapo malipiro kapena ya kalenti, yomwe malipiro ake a pamwezi amakhala okwera ndipo chiwongoladzanja chake n'chochepa kapena palibiretu. Funsani wa pa desiki yothandiza makasitomala kuti akuuzeni dzina lenileni la akauntiyo, ndipo muwafunse mafunso atatu: kodi pali akaunti yosungira yopanda malipiro a pamwezi? Kodi ndalama yochepetsetsa yoti izikhalamo ndi zingati, nanga ikatsika pamenepo chimachitika n'chiyani? Kodi chiwongoladzanja chimayambira pa ndalama zingati? Funso lachiwirili musalilumphe. M'maakaunti ena, ndalama ikatsika kupyola mlingo woikika pamabwera chindapusa kapena chiwongoladzanja chimaima, ndipo zodula za pamwezi zomwezo ndi zomwe zingakutsitsireni pansi pa mlingowo inu osadziwa.

Zoti musinthe zimadalira gulu lomwe likukudyani. Ngati ndi lachiwiri, tapani kamodzi ndalama yokwanira mmalo motapa K5,000 kasanu, ndipo gwiritsani ntchito makina a banki yanu. Ngati ndi loyamba, kusamala kwanu sikungathandize, muyenera kusintha mtundu wa akaunti kapena kuletsa ntchito zomwe simuzigwiritsa. Mauthenga a pa foni okha sitikulangizani kuwaletsa msanga, poti ndi omwe amakudziwitsani wina akatapa ndalama zanu mwachinyengo. Ndalama yomwe mukudziwa kuti simuikhudza kwa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi ingachite bwino pa akaunti yotsekera kwa nthawi yoikika, bola mufunse chomwe mungataye mukaitapa nthawi isanakwane.

Akaunti yomwe munasiya kuigwiritsa ntchito musangoitaya. Kusiya kuikamo ndalama sikutseka akaunti, ndipo malipiro a pamwezi angapitirire kudya kotsalako mpaka kutheratu. Pitani ndi chiphaso cha unzika, lembani kalata yotseka, funsani ngati pali malipiro otsekera, ndipo musunge kope lodindidwa chidindo.

Mukapeza kuti mwadulidwa kawiri mwezi umodzi, kapena mtengo womwe suli pa ndandanda, lembani dandaulo ku banki yanu, mutchule tsiku, ndalama ndi mawu a pa mzerewo, ndipo muphatikize sitetimenti. Pemphani nambala ya dandaulolo. Yankho likapanda kubwera kapena likakhala losakhutiritsa, tengani makope omwewo mupite nawo ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabanki ndipo imalandira madandaulo a makasitomala awo.