Intaneti ikamachedwa, kalata yanu ikhale ndi umboni

Amzanga, kungoimbira foni kampani ya intaneti kuti netiweki ikuchedwa sikuthandiza, amangoti zimitsani rauta muyatsenso basi. Ine ndinavutika miyezi iwiri mpaka nditalemba kalata.

Musanalembe yezani sipidi kwa sabata yathunthu, m'mawa, masana ndi madzulo, pa Speedtest kapena fast.com, koma laputopu ikhale yolumikiza ku rauta ndi chingwe, mafoni onse atachotsedwa pa netiweki, chifukwa mukayeza pa Wi-Fi adzanena kuti vuto ndi makoma a nyumba yanu. Lembani tsiku, nthawi ndi manambala, jambulaninso sikirini.

M'kalatamo ikani nambala ya akaunti, sipidi yomwe mumalipira ndi yomwe mukulandira. Ine ndinalemba kuti ndimalipira 20 Mbps koma ndikupeza 3, ngakhale 5 koloko m'mawa anthu ali mtulo, ndipo mvula ikagwa imadukiratu. Zimenezo zikuloza chingwe chobweretsa intaneti kunyumba, osati kuchuluka kwa anthu. Ndiye pemphani mwachindunji kuti atumize munthu adzayendere chingwe, akupatseni tsiku ndi nambala ya dandaulo.

Kwathu anapeza kabokosi kapamtengo kali pululu, madzi atalowa polumikizira.