Kuloweza aneni a Chingerezi osatsata lamulo pogwiritsa ntchito makadi

Aneni ambiri a Chingerezi amangolandira -ed akamanena zakale, koma ena ngati go, buy ndi sing amasinthiratu, ndipo palibe kuchitira mwina koma kuwaloweza.

Pepala limodzi la A4 limatulutsa makadi 8 mukalipinda katatu n'kulidula. Pezani lokhuthala, chifukwa pa lopyapyala inki imaonekera kuseri ndipo diso limaba yankho. Osataya ndalama pa makadi a m'sitolo, katoni ya sopo kapena chikuto cha kope lakale n'zokwanira. Kutsogolo lembani sing yekha, kuseri sang ndi sung. Musakopere m'timapamfuleti ta mumsewu musanayang'ane m'dikishonale, tina timakhala ndi masipelo olakwika.

Konzani maenvulopu atatu. Makadi a m'yoyamba muziwaona tsiku lililonse, a m'yachiwiri pakapita masiku atatu, a m'yachitatu kamodzi pa sabata. Khadi lomwe mwakhoza limasamukira mu envulopu yotsatira, lomwe mwalakwa limabwerera m'yoyamba ngakhale linali litafika kale m'yachitatu. Yankho muzilitchula mokweza kapena kulilemba musanatembenuze khadi. Atsopano asapitirire khumi pa tsiku.

Kuwaika m'magulu a kamvekedwe kumathandiza: sing sang sung, ring rang rung, drink drank drunk amayenda ngati nyimbo imodzi. Vuto ndi lakuti nyimboyo imakoka ndi mneni yemwe si wa gululo. Bring amamveka ngati ring, ndiye wophunzira amalemba brang, pomwe zolondola ndi brought brought. Khadi la bring liikeni pamodzi ndi buy, think ndi fight, omwe onse amathera mu -ought. Nanga taught ndi caught? Onani mneni woyambayo: teach ndi catch ali ndi chilembo a, choncho amatenga -aught.

Pali pomwe njirazi zimasiya kuthandiza. Munthu amatchula go went gone mosadodoma, koma pa chimangirizo n'kulemba "I have went" kapena "Did you went?" Khadi lamuphunzitsa mawu atatu motsatana, silinamuuze kuti gone amayenda ndi have, kapena kuti pambuyo pa did mneni amabwerera ku go. Chizindikiro china n'chakuti polankhula amayamba waimba kaye mawu onse atatu chamumtima asanapeze lomwe akufuna.

Zikafika apo, kuwonjezera makadi a mawu okhaokha n'kutaya nthawi. Lembani atsopano a ziganizo zokhala ndi mpata: kutsogolo "She has ___ to Zomba", kuseri gone; lina "Did she ___ to Zomba?", kuseri go. Aneni osokoneza ngati lie ndi lay ayambireni pa ziganizo zotere, chifukwa lay ndi mneni payekha komanso ndi mawu a nthawi yakale a lie. Khadi likakhozedwa milungu itatu yotsatizana, lichotseni, ndipo mneniyo muzimulemba m'ndime zanuzanu zofotokoza zomwe zinachitika dzulo.