Mukamapita kumaliro, lembani tsiku lobwerera

Maliro akakupezani mwadzidzidzi ndipo mukuthamangira kumudzi ku Ntcheu, tsegulani Vacation responder mu Gmail kapena Automatic Replies mu Outlook musanakwere basi, kuti aliyense wokulemberani imelo azilandira uthenga wopita wokha womudziwitsa kuti mwachoka.

Chimene ambiri timalakwitsa ndi kulemba kuti "ndibwera posachedwa". Wofuna thandizo sadziwa ngati adikire kapena afunse wina. Lembani chonchi: "Sindili pantchito chifukwa cha maliro. Ndiyamba kuyankha makalata Lolemba, pa 17. Zachangu tumizani kwa wachiwiri wanga," kenaka ikani imelo yake, mutamupempha kaye. Dzina la malemu kapena matenda musatchule, poti uthengawu umapita ngakhale kwa alendo.

Onjezani masiku awiri pa tsiku lobwerera limene mukulembalo, chifukwa mwambo ungatalike podikira abale akutali. Ikaninso Last day, lomwe ndi tsiku lomaliza kutumiza uthengawo, mu Gmail kuti uthengawo udzasiye wokha mukabwerera.